Malikisi ndi a mdzukulu, si a agogo

M'masukulu ena a sekondale, mphunzitsi wa phunziro la mbiri yakale amatuma ana kuti patchuthi akacheze ndi agogo awo, awafunse za moyo wakale, kenako alembe zimene amva. Ana amaikonda ntchitoyi, nawonso agogo ambiri amasangalala kuona mdzukulu atabwera ndi kope kudzawamvetsera. Vuto limayamba sukulu ikatsegulira, mapepala 80 ataunjikana patebulo. Mphunzitsi amawerenga ya mwana wina, yodzaza ndi zodabwitsa, miyambi ndi nthabwala, n'kupereka malikisi 45 pa 50. Amatenga ya wina, yamawu ochepa, n'kupereka 20. Iye akuona ngati wachonga ana awiri, chonsecho wachonga agogo awiri. Mwana woyambayo ali ndi agogo a pakamwa pokoma. Winayo agogo ake ndi ofatsa, amayankha mawu atatu n'kukhala duu. Palibe mwana amene anasankha agogo ake.

Chimene chimathandiza pamenepa ndi mlozo wochongera. Ili ndi pepala limene mphunzitsi amalemba ntchito isanayambe, losonyeza mbali zimene adzayang'ane, malikisi a mbali iliyonse, ndiponso mmene ntchito yabwino, yapakati ndi yofooka imaonekera pa mbali imeneyo. Ana amapatsidwa pepalali asanapite kumudzi, ndipo makolo nawonso atha kuliwerenga. Mzere uliwonse wa mlozowu uyenera kuyankha funso limodzi: kodi chimene ndikuperekera malikisichi chinali m'manja mwa mwana? Kukoma kwa nkhani, kutalika kwa macheza, nzeru za agogo zokumbukira zaka, ngakhale kumveka bwino kwa mawu ojambulidwa, zonsezi sizinali m'manja mwake. Zimene zinali m'manja mwake ndi mmene anakonzekerera, mmene anafunsira, mmene analembera mawuwo, ndi chimene anachita nawo atawalemba.

Kuti tisamangolankhula m'malere, titenge mutu umodzi umene mabanja ambiri m'Malawi ali ndi chonena: ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Bungwe lolemba anthu ntchito, lodziwika ndi dzina loti Wenela, ndipo pambuyo pake Theba, linkatenga amuna kuno kupita nawo ku migodi ya golide. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi imeneyo. Mu Epulo 1974 ndege yobweza anthuwa kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, anthu oposa 70 n'kufa, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977, koma ndi anthu ochepa, mpaka inatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza anthu kachilombo koyambitsa Edzi. Mutuwu ndi woyenera ana a Fomu 3 chifukwa mboni zake zikadalipo, amuna amene anapita ndiponso akazi amene anatsala, komanso uli ndi zaka zingapo zodziwika bwino zimene mwana angayezerepo zimene wamva.

Tiyerekeze ana awiri a m'kalasi imodzi. Mnyamata wacheza ndi agogo ake aamuna, amene anatsika okha m'mgodi, katswiri pofotokoza nkhani. Mtsikana wacheza ndi agogo ake aakazi, mayi a mayi ake, amene amuna awo anapita ku Wenela kawiri ndipo anamwalira kalekale. Tiwatsate awiriwa mbali ndi mbali.

Chisanabwere chilichonse pali chilolezo, ndipo ine ndimaona kuti chimenechi chisamapatsidwe malikisi konse. Chikhale chipata: ntchito yopanda chilolezo isachongedwe mpaka mwana atabwerera kukachitenga. Mukachipatsa malikisi asanu, mwana wochenjera amawerengera kuti atha kutaya asanuwo n'kujambula agogo mobisa, foni ili m'thumba. Chilolezo sichifuna siginecha, pakuti agogo ambiri salemba ndipo ena amaopa pepala. N'chokwanira kuti koyambirira kwa macheza mwana amveke akunena kuti iyi ndi ntchito ya kusukulu, akutchula amene adzamve mawuwo, akuwauza agogo kuti ali ndi ufulu wokana funso kapena kusiya nthawi iliyonse, ndiponso akuwafunsa ngati dzina lawo lilembedwe kapena libisidwe. Kenako agogo amveke akuvomera. Pa mutu wa Theba pali chinanso chofunika kunena poyera. Anthu ambiri amene anagwira ntchito ku migodi akhala akudikira ndalama zawo kwa zaka zochuluka, ndiye munthu akabwera ndi kope kufunsa zaka ndi dzina la mgodi, mtima umathamangira kuti mwina akulemba mayina a olandira. Mwana anene momveka kuti macheza amenewa sabweretsa ndalama iliyonse. Kupanda kutero, agogo amavomera chinthu china chosiyana ndi chimene mwana wabwerera, ndipo mayankho awo amapendekera kumene akuganiza kuti kuli thandizo.

Malikisi 50 aja atha kugawidwa motere. Kukonzekera kutenge 8, kafunsidwe 14, kulemba mawu mokhulupirika 10, kusanthula zimene zanenedwa 14, ndipo 4 otsalawo akhale a kubwerera kwa agogo kukawawerengera zimene zalembedwa. Mphunzitsi wina atha kusuntha manambalawa pang'ono, koma mbali ziwiri zazikuluzo zisachepe, chifukwa ndi mmene muli phunziro la mbiri lenileni.

Za kukonzekera n'zosavuta. Mwana abweretse tsamba limodzi lokhala ndi zaka zinayi kapena zisanu zodziwika za mutuwo, monga 1964, 1971, 1974 ndi 1988, ndi mafunso pafupifupi khumi amene walemba yekha, ndipo mphunzitsi aone tsambali tchuthi chisanayambe. Mafunso okopera kwa mnzake, kapena oti angafunsidwe kwa munthu wina aliyense, asapitirire malikisi 4. Opeza 7 kapena 8 ndi amene akuonetsa kuti mwanayo anayamba wafufuza za agogo akewo: anabadwira kuti, anakwatiwa liti, anapita okha kapena anatsala.

Pa kafunsidwe m'pamene milozo yambiri imalephera, chifukwa imalemba mawu ngati akuti "anafunsa bwino kwambiri", "anafunsa bwino", "anayesetsa". Mawu oterewa sathandiza mwana ngakhale mphunzitsi. Aphunzitsi awiri akhoza kumva macheza omwewo, wina n'kuti ndi bwino kwambiri, wina n'kuti wangoyesetsa, ndipo palibe angatsutse mnzake. Mlozo uyenera kutchula zinthu zoti khutu lizimve ndiponso chala chiziloze. Zitatu zikukwanira.

Choyamba ndi mtundu wa funso. Funso loti "Kodi ku mgodi kunali kovuta?" limayankhidwa ndi "Eee" basi. Loti "Tandiuzani za tsiku loyamba limene munatsika pansi" limatsegula pakamwa. Loipa kuposa onse ndi limene lanyamula kale yankho, monga "Akapitawo ankakuzunzani kwambiri, eti?" Agogo amakonda mdzukulu wawo, ndipo amavomera kuti asamukhumudwitse. Pamenepo mwana walemba maganizo ake omwe, n'kuwapachika pa agogo.

Chachiwiri ndi funso lotsatira, lija limene silinali pa pepala koma labadwa kuchokera pa zimene agogo angonena kumene. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu chakuti mwana akumvetsera. Kwathu kuno n'chovutanso kwa mwana, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula sumudula ndipo sumufunsafunsa ngati ukumukayikira. Mwayi wake ndi wakuti pakati pa agogo ndi mdzukulu pamakhala ufulu umene supezeka pakati pa mwana ndi bambo ake: amaseka limodzi, amanyogodolana, ndipo funso limene kwa bambo lingaoneke lachipongwe, kwa agogo limadutsa. Mphunzitsi awauze ana kuti kufunsanso mwaulemu si mwano, ndipo awayesetse m'kalasi awiriawiri asanapite.

Chachitatu ndi kudikira. Munthu wachikulire akakhala chete, nthawi zambiri amakhala akufunafuna mawu kapena akuganiza ngati anene. Mwana wamantha amathamangira funso lina, ndipo chimene chikananenedwa chimabwerera m'kati.

Tsopano mlozo utha kulembedwa momveka. Malikisi 12 mpaka 14: mafunso ambiri ndi otsegula, pali mafunso otsatira osachepera anayi ochokera pa mawu a agogo, palibe funso lonyamula yankho, ndipo mwana sakudula mawu. Malikisi 8 mpaka 11: mafunso otsatira awiri kapena atatu, funso lonyamula yankho limodzi kapena awiri. Malikisi 4 mpaka 7: mwana akungowerenga mndandanda wake, funso lotsatira limodzi kapena palibe. Pansi pa apo ndi pamene mafunso ambiri ndi a eee kapena ayi, kapena mwana akulankhula kuposa agogo.

Tamvani mmene zikuyendera kwa mtsikana uja. Agogo ake anena mwachidule kuti amuna awo pobwera anabwera ndi sutikesi.

"Munali chiyani m'sutikesimo, agogo?"

"Mabulangete awiri ndi nsalu."

"Nanga nsaluzo anapatsa ndani?"

Papita kanthawi agogo osayankha, mtsikana osanena kanthu.

"Ina ine. Zina anapita nazo kwawo, kwa mayi awo ndi alongo awo."

"Inu munatsala ndi ana. Munda ankalima ndani miyezi yonseyo?"

"Ine ndi mlongo wanga. Iwe ukuganiza kuti nsima inkachokera ku Joni?"

Mayankho onsewa ndi aafupi, ndipo palibe chodabwitsa chimene chanenedwa. Koma mafunso atatu otsatizana atulutsa nkhani imene mabuku a sukulu satchula kawirikawiri: katundu wa mkamwini ankagawika pakati pa mudzi wa mkazi ndi mudzi wa kwawo, ndipo banja linkadya thukuta la mkazi ndi mlongo wake. Mtsikanayu apeze 12. Mnyamata uja wafunsa mafunso asanu okha pa mphindi 40, onse ochokera pa pepala. Agogo ake afotokoza za ndege, za chikepe chotsika nacho pansi, za chifanakalo chimene ankalankhula ndi anthu a mitundu ina, ndipo penapake anena modutsa kuti mnzawo wa m'mudzi momwemo sanabwerere, anatchona. Mnyamatayo sanafunse kuti anali ndani, chinachitika n'chiyani, mkazi wake anatani. Wangopita pa funso lachinayi. Macheza ake ndi okoma kumvetsera, koma iye apeze 6.

Pali chinthu chimodzi chimene mlozo usapereke mphotho ngakhale pang'ono, ndicho misozi. Ana akazindikira kuti nkhani yomvetsa chisoni imakweza malikisi, amayamba kukumba mabala: mkazi wina amene agogo anasiya ku Joni, chifuwa chimene anabwera nacho, m'bale amene anamangidwa nthawi ya chipani chimodzi. Agogo akati "zimenezo tisiye", mwana amene wasiyadi wachita bwino, ndipo mlozo unene poyera kuti sataya kanthu.

Kulemba mawu ndi ntchito yolemetsa kuposa mmene anthu amaganizira. Munthu wozolowera amatha maola anayi kapena kuposa kulemba ola limodzi la macheza, ndipo mwana wolemba pamanja, akuimitsaimitsa foni, amatenga nthawi yoposa pamenepo. Choncho si nzeru kulamula kuti alembe zonse. Alembe mawu ndi mawu mphindi zisanu zokha, zimene wasankha yekha kuti ndizo mtima wa macheza, ndipo zotsalazo azifotokoze mwachidule, akusonyeza kuti pa mphindi yakutiyakuti ankakamba zakutizakuti. Mphindi zisanu zimadzaza masamba awiri kapena atatu a kope.

Chimene chikuchongedwa apa ndi kukhulupirika. Mawu alembedwe m'chilankhulo chimene agogo analankhula, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena kapena Chichewa cha kwawoko, ndipo kumasulira kubwere pambali ngati kukufunika. Pamene mawu sakumveka, mwana alembe kuti sakumveka, asaganizire. Pamene agogo aseka kapena akhala chete nthawi yaitali, asonyeze. Chiyeso chachikulu kwa mwana wa sukulu ndi kukonza agogo. Mnyamata uja wagwa pomwepa. Agogo ake anena kuti atafika kumudzi analandira mapaundi akutiakuti, iye n'kulemba makwacha, poganiza kuti agogo alakwitsa. Koma Malawi anayamba kugwiritsa ntchito kwacha mu 1971, makwacha awiri akulingana ndi paundi imodzi, ndipo anthu anapitiriza kuwerenga ndalama m'mapaundi zaka zambiri pambuyo pake. Mawu oti paundi akanatha kutanthauza kuti ulendowo unachitika 1971 isanafike, kapena kuti agogo ankawerenga mwachizolowezi chakale. Linali funso loti akawafunse. Posintha liwulo, mwanayo wafafaniza umboni, komanso wachepetsa ndalamazo ndi theka osadziwa. Wachotsanso kubwerezabwereza konse, agogo n'kumamveka ngati buku. Pa 10 apeze 5. Mtsikana walemba zonse monga zinanenedwera, koma waiwala kusonyeza mphindi m'malo awiri, ndiye apeze 8.

Tifike pa kusanthula, pamene pamasiyana mwana amene wangonyamula nkhani ndi amene wachita ntchito ya wolemba mbiri. Apa aphunzitsi amalakwa mbali ziwiri. Ena amalandira chilichonse chimene agogo anena ngati choona chosatsutsika, poti ndi akulu. Ena amachotsa malikisi agogo akasokoneza chaka, ngati kuti mwana ndiye walakwa. Zonsezi zimaphonya. Kukumbukira kwa munthu kumasunga bwino zimene zinamukhudza, monga fungo, mantha, nkhope ndi amene anamuchitira chifundo, koma kumasokoneza zaka ndi ndondomeko ya zochitika, ndipo kawirikawiri kumaphatikiza zinthu ziwiri zotalikirana kukhala chimodzi. Ntchito ya mwana ndi kuzindikira pamene zatero, n'kuchitapo kanthu mwaulemu.

Mlozo ufunse zinthu zitatu. Kodi mwana wasiyanitsa zimene agogo anaona ndi maso awo ndi zimene anangomva? Katswiri wa mbiri ya ku Afirika, Jan Vansina, anatsindika kwambiri kusiyana kwa umboni wa munthu amene analipo ndi nkhani yolandira kwa ena. M'chilankhulo chathu kusiyanaku kumamveka msanga, chifukwa munthu akayamba kunena kuti "akuti" kapena "ankatero anthu", wadziwitsa yekha kuti sanaone. Kodi mwana wayeza mfundo ziwiri kapena kuposa ndi gwero lina, kaya buku la kalasi, pepala lakale la m'nyumba, kapena wachikulire wina? Ndipo pamene zasiyana, kodi wanena poyera n'kuyesa kufotokoza chifukwa chake, osabisa komanso osanyoza?

Agogo a mtsikana uja anena kuti amuna awo anabwerera komaliza "chaka chija inagwa ndege, chaka cha ufulu." Pa tsamba lake lokonzekera, mtsikanayo ali ndi zaka ziwiri zotalikirana: ufulu ndi 1964, ndege ndi 1974. Sanawatsutse agogo pomwepo. Atabwerera ulendo wachiwiri anafunsa njira ina, imene amayi achikulire sasokoneza kawirikawiri.

"Agogo, pamene ankabwera komalizapo, kumbuyo munali ndi ndani?"

"Amalume ako aang'onowa. Anali asanayambe kuyenda."

Chiphaso cha unzika cha amalumewo chikuti anabadwa mu 1973. Mtsikanayo walemba kuti ulendowo uyenera kuti unali mu 1974 kapena chakumayambiriro kwa 1975, osati 1964. Wawonjezera kuti chaka cha pa chiphaso nachonso chikhoza kukhala chongoyerekeza, popeza anthu ambiri a kumudzi analibe kalata ya kubadwa pamene ankalembetsa ziphasozi mu 2017, koma sichingaphonye ndi zaka khumi. Kenako wapereka ganizo lake, akunena poyera kuti ndi ganizo chabe: mu Julaye 1974 dziko linkakondwerera zaka khumi za ufulu, ndiye mwina chikondwerero chimenecho ndicho chinatsala m'mutu mwa agogo ngati chaka cha ufulu. Wasonyezanso kuti za kugwa kwa ndege agogo anangomva kwa anthu, pamene za munda ndi nsalu anaziona okha. Imeneyi ndi ntchito ya malikisi 12 pa 14. Awiri atsala chifukwa gwero lake lachiwiri ndi la m'banja lomwelo, sanafunseko munthu wa banja lina. Onani kuti kusokoneza kwa agogo sikunamuchotsere kanthu, m'malo mwake ndi kumene kwamupatsa poonetsera luso lake.

Mnyamata uja mbali iyi wangobwereza nkhani ya agogo m'mawu ake, n'kumaliza ndi chiganizo chakuti moyo wa ku mgodi unali wovuta. Watchula 1974 kuchokera m'buku koma sanailumikize ndi chilichonse chimene agogo ananena. Apeze 5.

Mphunzitsi asadabwe ngati ana awiri abweretsa nkhani zotsutsana za chinthu chimodzi, wina akuti Theba inalemeretsa mudzi, wina akuti inapasula mabanja. Megan Vaughan, pofufuza za njala ya 1949 m'dera la Blantyre, anapeza kuti amuna ndi akazi ankaikumbukira mosiyana: amuna ankakamba za maulendo awo okasaka chakudya, pamene akazi, makamaka m'nyimbo za pamtondo, ankakamba za amuna amene anawathawa. Panalibe wonama pakati pawo, aliyense ankanena kuchokera pamene anaima. Mlozo wabwino umapereka malikisi apamwamba kwa mwana amene wafunsa kuti agogo ake anaima pati, ndipo kuima pamenepo kunawaonetsa chiyani n'kuwabisira chiyani.

Malikisi anayi omaliza ndi a kubwerera. Mwana akawawerengere agogo zimene walemba, amve ngati pali choti achotse kapena kukonza, ndipo alembe mizere iwiri kapena itatu ya zimene ananena. Kuti mawuwo asathere m'foni imene idzabedwe kapena kuwonongeka, awasungenso pamalo ena, atalemba tsiku, mudzi ndi chilankhulo. Mtsikana wachita zonse, apeze 4. Mnyamata anawawerengera agogo koma sanalembe tsiku, apeze 3.

Tikawonkhetsa, mtsikana ali ndi 6 pa kukonzekera, 12, 8, 12 ndi 4, zonse pamodzi 42. Mnyamata ali ndi 4 pa kukonzekera, 6, 5, 5 ndi 3, zonse pamodzi 23. Popanda mlozo manambalawa akanatembenuka. Ndipo mnyamatayo akabwera kudzadandaula kuti agogo ake ananena zambiri kuposa a wina aliyense, mphunzitsi ali ndi chomuonetsa. Atha kumutsegulira pamene agogo anatchula mnzawo wotchona uja, n'kumufunsa kuti pamenepa ukanafunsa chiyani. Ndingakonde kuti mwana wotere apatsidwe mpata wobwerera kukachezanso, chifukwa agogo akadali moyo ndipo funsolo likadalipo.

Pali ana amene mlozo uyenera kuwaganizira usanasindikizidwe. Ena alibe agogo, ena agogo awo ali kutali kapena matenda a ukalamba anawasokoneza mutu. Mlozo unene kuti wachikulire aliyense wa zaka zoyenera mutuwo ndi wololedwa, kaya ndi azakhali, mnansi kapena mkulu wa kumpingo kapena kumzikiti, ndipo malikisi ndi omwewo. Ena kwawo kulibe foni yojambula mawu. Amenewa apite awiri, wina azifunsa wina azilemba, kenako asinthane kwa wachikulire wachiwiri, ndipo pa mbali ya kukhulupirika mphunzitsi ayang'ane ngati asiyanitsa mawu enieni a agogo ndi chidule chawo. Kulira kwa tambala kapena phokoso la chigayo m'mawu ojambulidwa si cholakwa cha mwana. Galamala nayonso isalowe kawiri: ngati mwana walemba kusanthula kwake m'Chingerezi chothyokathyoka koma mfundo zake zikumveka, za chilankhulo zisiyidwire mphunzitsi wa chilankhulo.

Funso limene mphunzitsi aliyense angafunse ndi la nthawi. Ana 80, aliyense ndi macheza a theka la ola, ndi maola 40 ongomvetsera. Palibe angakwanitse, ndipo sikofunika. Pa mwana aliyense mphunzitsi amve mphindi yoyamba kuti atsimikize chilolezo, kenako mphindi ziwiri za m'gawo lolembedwa lija akutsatira ndi chala pa pepala, kenako mphindi zitatu pamalo ena amene wasankha yekha osauza mwana. Kuti mafunso otsatira awerengeke popanda kumva zonse, mwana alembe mafunso onse amene anafunsadi, n'kuika chizindikiro pa amene sanali pa pepala lake loyamba, ndi mphindi imene anawafunsa. Mphunzitsi atsegule limodzi mwa amenewo kuti aone ngati lilipodi. Kuphatikiza ndi kuwerenga, ntchito ya mwana mmodzi imatenga pafupifupi mphindi 15, kalasi yonse maola 20. Ndi ntchito ndithu, choncho ndi bwino kuichita kamodzi pachaka n'kuigawa m'masabata angapo. Njira yomweyi imagwiranso wopeka. Macheza opeka amadziwika: agogo amalankhula ziganizo zosalala zopanda kubwereza, amatchula zaka zonse molondola ngati buku, ndipo sapatuka n'kamodzi komwe kukamba za mbuzi kapena za maliro a dzana.

Mlozo nawonso uyenera kuyesedwa usanagwiritsidwe ntchito pa kalasi yonse. Mphunzitsi atenge ntchito zisanu, ziwiri zooneka zabwino, imodzi yapakati, ziwiri zofooka, azichonge payekha, ndipo mnzake wa phunziro lomwelo azichongenso osaona malikisi oyambawo. Akasiyana ndi malikisi awiri kapena atatu pa 50, palibe vuto. Akasiyana ndi oposa asanu, ayang'ane mbali imene yabweretsa kusiyanako, ndipo kawirikawiri adzapeza kuti pamzere umenewo patsala liwu ngati "bwino", "mokwanira" kapena "mozama", limene aliyense walimva mwa njira yake. Liwulo lichotsedwe, m'malo mwake mulowe chinthu chowerengeka kapena cholozeka. Pali chizindikiro chinanso choyang'ana kalasi yonse ikachongedwa. Mphunzitsi aike malikisi pambali pa kutalika kwa macheza, ndiponso ayerekeze ana amene anacheza ndi amuna opita ku mgodi ndi amene anacheza ndi akazi otsala. Ngati a macheza aatali onse ali pamwamba, kapena gulu limodzi laposa linzake kutali, ndiye kuti kukoma kwa nkhani kwalowanso mozemba, ndipo mbali ya kafunsidwe ndi ya kusanthula ziyenera kuchongedwanso mapepala asanabwezedwe kwa ana.